Makina othandiza kupuma azimitsidwe kapena ayi? Malangizo kwa wolemba chimangirizo cha zipembedzo ndi chisamaliro cha odwala amene ali pafupi kumwalira

Zimangirizo zambiri za mutu uwu zimalakwika pa chiganizo choyamba. Wolemba amayamba ndi kunena kuti zipembedzo zonse zimalemekeza moyo, kenako amapereka ndime imodzi kwa Akhristu, ina kwa Ayuda, ina kwa Asilamu, ina kwa Abuda, ndipo ndime zonsezo zimanena chinthu chimodzi. Zoonadi, zipembedzo zinayi zonsezi zimaletsa kupha wodwala mwadala. Koma banja limene laitanidwa ndi dokotala m'chipinda cha odwala mwakayakaya silifunsa ngati kupha kuli kololedwa. Limafunsa ngati kuzimitsa makina othandiza kupuma kuli kupha kapena ayi. Pa funso limeneli zipembedzo zimasiyana, ndipo chimangirizo chanu chiyenera kuima pa kusiyanako.

Langizo lathu loyamba n'lakuti musankhe wodwala mmodzi, mumufotokoze bwinobwino, ndipo chipembedzo chilichonse muchifunse za iye yemweyo. Tiyerekeze bambo wa zaka 68 amene ali ndi khansa ya m'mapapo yomwe yafalikira m'chiwindi. Anagwidwa chibayo, ndipo wakhala pa makina othandiza kupuma masiku 12. Ubongo wake ukugwira ntchito, koma madokotala agwirizana kuti sadzapumanso payekha. Akupatsidwa mofini wochepetsa ululu ndi befu. Asanafike pamenepa anauza mkazi wake kuti safuna kukhalitsa pa makina. Mfundo zinayi izi, kuti matenda ndi osachiritsika, ubongo uli moyo, makina anayatsidwa kale, ndiponso mwiniwake ananenapo maganizo ake, muzilembe poyera, chifukwa mukasintha imodzi yankho la chipembedzo china limasinthanso.

Yambani ndi Chikatolika, popeza chiphunzitso chake chinalembedwa mwadongosolo ndipo n'chosavuta kuchitsatira. Mu 1957 Papa Piyo XII, polankhula kwa madokotala ogonetsa tulo odwala, anati munthu ali ndi udindo wogwiritsa ntchito njira wamba zosungira moyo, koma sakakamizidwa kulandira njira zapadera zolemetsa kwambiri, ndipo anavomereza kuti makina othandiza kupuma atha kuleka kugwiritsidwa ntchito pamene palibe chiyembekezo. Chikalata cha Vatikani cha 1980 chinakonza mawuwa, chifukwa chimene chili chapadera lero chimasanduka wamba mawa. M'malo mwake chinati tiyerekeze kulemera kwa chithandizo ndi phindu limene wodwalayo angapeze. Katekisimu, ndime 2278, imanena zomwezo: munthu woleka chithandizo chotere safuna imfa, amangovomereza kuti sangathe kuitsekereza. Kwa bambo wathuyu, makina akungotalikitsa kufa kwake, mwiniwake anawakana, choncho kuwazimitsa n'kololedwa. Onetsetsani kuti m'chiphunzitsochi kusayatsa makina ndi kuzimitsa makina oyatsidwa kale kumayezedwa ndi muyeso umodzi.

Chiyuda chimayamba kusiyana pamenepo, ndipo mpofunika kukhalitsapo. Malamulo a Chiyuda ali ndi dzina la munthu amene ali pafupi kutsirizika, gosesi, amene mwamwambo amayembekezeka kumwalira pasanathe masiku atatu. Gosesi amaonedwa ngati wamoyo m'zonse, ndipo n'koletsedwa kumuchita chilichonse chofulumizitsa imfa, ngakhale kumusuntha kumene. Komabe Rabi Moses Isserles, pothirira ndemanga buku la malamulo la Shulchan Aruch, gawo la Yoreh De'ah 339, anati ngati pali chinthu chimene chikutsekereza mzimu kuchoka, monga phokoso la munthu wowaza nkhuni pafupi ndi nyumba kapena mchere umene uli pa lilime la wodwalayo, chinthucho chitha kuchotsedwa. Kumeneko si kufulumizitsa imfa, koma kuchotsa chotchinga.

Ndiye funso ndi ili: makina othandiza kupuma ali ngati wowaza nkhuni uja, kapena ali ngati mpweya weniweni wa munthuyo? Aphunzitsi ambiri a Chiyuda cha Orthodox, gulu losunga kwambiri malamulo a makolo, amaona kuti dzanja limene lazimitsa makina, munthu n'kumwalira patangopita mphindi zochepa, lachita chinthu chofulumizitsa imfa. Amalola kusayamba chithandizo chatsopano, koma amakaniza kudula chimene chikuyenda kale. Maganizo amenewa analowa m'lamulo la dziko la Israeli la 2005 lokhudza wodwala amene akuyembekezeka kumwalira pasanathe miyezi 6. Lamuloli limasiyanitsa chithandizo choyenda mosalekeza, monga makina opumira, ndi chithandizo chobwera nthawi ndi nthawi, monga kusefa magazi a wodwala impso. Chachiwirichi chitha kungosiyidwa osabwerezedwa, choyambacho sichidulidwa. N'chifukwa chake panabwera ganizo loika kawotchi pa makina, kuti aziima okha nthawi ikakwana, anthu n'kusankha kuwayatsanso kapena ayi. Ena amaliona ganizoli ngati kuzemba, koma musalipeputse m'chimangirizo chanu. Likusonyeza kuti kwa aphunzitsi amenewa, chimene dzanja la munthu lachita chili ndi kulemera kwakekwake, posatengera zolinga za mumtima. Kwa bambo wathu, njira imeneyi ingalole kuti mtima ukaima asautsitsimutse, ndiponso kuti asayambe mankhwala atsopano okweza kuthamanga kwa magazi, koma makina angapitirire. Dziwaninso kuti aphunzitsi ambiri a magulu ena a Chiyuda, a Conservative ndi Reform, amawerenga mawu a Isserles mofewerapo ndipo amalola kuzimitsa. Musalembe kuti Ayuda amati, lembani gulu limene mukunena.

Pa Chisilamu pali msampha umene umakola olemba ambiri. Amatchula Korani, sura 5 ndime 32 ndi sura 4 ndime 29, zoletsa kupha ndi kudzipha, kenako amatchula zigamulo ziwiri zotchuka. Mu 1986 ku Amman, bungwe la akatswiri a malamulo a Chisilamu la mgwirizano wa maiko a Chisilamu linavomereza kuti munthu amene ubongo wake wonse waferatu atha kuonedwa ngati wamwalira. Mu 1987 ku Maka, bungwe lofanana nalo la Muslim World League linati makina atha kuchotsedwa ngati madokotala atatu odziwa bwino atsimikiza kuti ubongo waferatu, koma munthuyo amawerengedwa womwalira pamene mtima ndi kupuma zaima. Kusiyana kumeneku kumakhudza nthawi yogawa chuma cha masiye ndi nthawi imene mkazi wamasiye amayambira kuwerenga masiku ake odikira asanakwatiwenso. Koma zigamulo zonse ziwirizi zikunena za ubongo wakufa, pamene bambo wathu ubongo wake uli moyo. Mukazigwiritsa ntchito pa iye, mwayankha funso limene silinafunsidwe.

Kwa wodwala ngati uyu muyenera kutsata mfundo ina: kodi kufuna mankhwala ndi lamulo nthawi zonse? Akatswiri ambiri a Chisilamu amati kumakhala kokakamiza pamene chithandizo chikudziwika kuti chipulumutsa moyo, koma udindowo umachepa pamene chiyembekezo cha kuchira chatha. Amawonjezera lamulo lodziwika lakuti choipa chiyenera kuchotsedwa. Potsata izi ambiri amalola kusiya chithandizo chimene madokotala odalirika agwirizana kuti chilibenso phindu, ngakhale ena amakhala osamala kwambiri pa kuzimitsa kusiyana ndi pa kusayatsa. Chofunika kuchionetsa n'chakuti pano umboni wa madokotala angapo umalemera kwambiri, kuposa mawu a wodwala payekha, popeza moyo umaonedwa ngati chinthu chimene Mulungu anasungitsa munthu.

Chibuda chilibe likulu limodzi logamula, choncho samalani ndi mawu otsimikiza. Chimene mungaimepo ndi malamulo a amonke a Vinaya, amene amati mmonke wopha munthu mwadala, kapena woyamikira imfa kwa wina mpaka kumukopa kuti afe, amachotsedwa mu umonke kotheratu, ngakhale atachita zimenezo chifukwa cha chisoni. Muyeso waukulu ndi cholinga cha mumtima. Ngati banja likuzimitsa makina povomereza kuti thupi latha, osati pofuna kuti munthuyo achoke msanga, aphunzitsi ambiri saona kuti lamulo loletsa kupha laswedwa.

Chibuda chimathandiza kwambiri mukafika pa mofini. Akatolika amayankha nkhaniyi ndi mfundo ya zotsatira ziwiri, imene mizu yake ili m'zolemba za Tomasi Akwino, mphunzitsi wamkulu wakale wa mpingo wawo: mankhwala aperekedwe ndi cholinga chothetsa ululu, pa mlingo wolingana ndi ululuwo, ngakhale patakhala chiopsezo chofupikitsa moyo, malinga imfayo isakhale cholinga kapena njira yothetsera ululu. Katekisimu ikunena izi pa ndime 2279. Abuda ambiri amafunsa funso lina: kodi munthuyu amwalira maganizo ake ali owala? Kwa iwo mkhalidwe wa maganizo pa nthawi ya imfa umakhudza mmene munthu adzabadwirenso m'moyo wotsatira, motero wodwala wina angasankhe kupirira ululu pang'ono kuti akhale maso. Ena amayankha kuti ululu woopsa nawonso umasokoneza maganizo, ndipo mlingo woyenera umamuthandiza munthu kudekha. Pano onjezani mfundo ya zachipatala imene olemba amaiphonya: mofini wokwezedwa pang'onopang'ono molingana ndi ululu, kwa wodwala amene thupi lake linamuzolowera, kawirikawiri safupikitsa moyo. Chizindikiro cha mlingo wopitirira ndi kugona kosadzutsika pamodzi ndi kupuma kochedwa kwambiri, ndipo anamwino amayang'anira zimenezi. Mukalemba ngati kuti jekeseni iliyonse ya mofini ndi sitepe yopita kumanda, mfundo zanu zonse zaima pa chinthu chosakhala choona.

Mukamaliza kufunsa zipembedzo zonse, ikani mayankho pamodzi ndipo mutchule chimene chilichonse chikuyeza. Chikatolika chikuyeza kulemera kwa chithandizo ndi phindu lake, Chiyuda cha Orthodox chikuyang'ana chimene dzanja lachita, Chisilamu chikufunsa ngati chithandizocho chikadali chokakamiza, Chibuda chikuyang'ana cholinga ndi maganizo a womwalirayo. Kenako yesani mfundo zanu posintha chinthu chimodzi pa wodwala uja. Tinene kuti bamboyo sanaikidwebe pa makina, ali pakhomo la chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo dokotala akufunsa ngati ayatse. Mupeza kuti mayankho anayi aja ayandikana kwambiri, pafupifupi onse akulola kusayatsa. Izi zikuuzani kuti mkangano weniweni uli pa kuzimitsa, ndipo zikubweretsa vuto limene muyenera kulimbana nalo m'ndime zanu zomaliza: ngati makina oyatsidwa sangazimitsidwe, dokotala ndi banja angaope kuwayatsa ngakhale kwa wodwala amene akanachira atayesedwa masiku atatu kapena anayi.