Momwe mungalembere kalata yopita kwa ofesala wa viza ya ku Britain

Ofesala amene amaunika pempho la viza ya Standard Visitor, yomwe ndi ya alendo okakhala kwa kanthawi kochepa, nthawi zambiri sakumana nanu maso ndi maso, choncho kalata yanu ndiyo imakuyankhulirani. Ilembedwe m'Chingerezi, isapitirire tsamba limodzi kapena awiri, ndipo chilichonse chimene mwanenamo chikhale ndi pepala lochiikira umboni. Titenge chitsanzo cha mayi wina, mphunzitsi wa ku Zomba, amene akufuna kukaona mwana wake akulandira digiri ku Manchester.

Yambani ndi dzina lanu monga lilili m'pasipoti, nambala ya pasipotiyo, ndi nambala ya pempho lanu yoyamba ndi GWF. Kenako fotokozani cholinga cha ulendo mwachindunji. Mayiyu asangolemba kuti akukacheza, koma atchule tsiku la mwambo, tsiku lofika ndi lobwerera, komanso adiresi ya kumene akagone. Ngakhale vizayi imalola munthu kukhala mpaka miyezi 6, iye apemphe masiku 14 amene akufunikadi, ndipo masikuwo afanane ndi amene ali pa fomu ndi pa kalata yomuitana.

Gawo la ndalama ndilo limagwetsa ambiri. Tinene kuti malipiro a mayiyu ndi K450,000 pamwezi, koma sitetimenti ya ku banki ikuonetsa kuti mwezi watha mu akaunti munalowa K3,000,000 nthawi imodzi. Ofesala akaona zimenezi popanda kufotokoza, amaganiza kuti ndalamazo ndi zobwereka pofuna kukometsa akaunti, ndipo kunena zoona, kawirikawiri amakhala atalondola. Ngati mayiyu anagulitsa puloti, alembe tsiku limene anagulitsa ndi mtengo wake, ndipo aphatikizepo pepala la mgwirizano wa malondawo. Akatero awerengetsere mtengo wa ulendo wonse, kuyambira tikiti ya ndege mpaka chakudya, n'kunena kuti iye alipira ziti ndipo mwana wake alipira ziti. Ngati mwanayo akuthandizapo, atumize sitetimenti yake ndi umboni wakuti akukhala ku Britain movomerezeka.

Pomaliza onetsani zimene zikukukokerani kumudzi. Mawu akuti "ndimakonda dziko langa" alibe mphamvu pamaso pa ofesala. Champhamvu ndi kalata ya abwana yosonyeza masiku a tchuthi ndi tsiku loyambiranso ntchito, setifiketi ya ukwati, mapepala a nyumba, ndi malisiti a fizi ya ana amene atsala kunyumba. Pepala lililonse lolembedwa m'Chichewa limasuliridwe ndi womasulira amene asaine, alembe tsiku ndi kumene angapezeke.

Ngati anakukanizanipo viza, kaya ya dziko lina, nenani m'kalatamo ndipo mufotokoze chimene chasintha, chifukwa wopezeka atanama kapena atapereka pepala lachinyengo angaletsedwe kulowa m'Britain kwa zaka 10. Mukasaina, tumizani kalatayo pamodzi ndi mapepala enawo, pokumbukira kuti pempho limatumizidwa kukatsala miyezi yosapitirira 3 kuti munyamuke, ndipo yankho nthawi zambiri limabwera pasanathe masabata 3.