Momwe mungalembere ndondomeko ya vidiyo yophika: chitsanzo cha mlamba wotendera

Mlamba wowamba wothira nsinjiro umatenga mphindi zoposa 40 kuti upse, koma vidiyo yoti anthu aonere pa foni mpaka kumapeto ndi ya masekondi 90 kapena kucheperapo. Ndiye musanayatse mbaula, khalani pansi ndi pepala musankhe zomwe woonera ayenera kuona ndi maso, zomwe angowerenga pa sikirini, ndi zomwe angomva. Pepala limeneli ndilo ndondomeko ya vidiyo yanu.

Yambani mwaphika ndiwozo kamodzi osajambula, wotchi ili pambali. Lembani mphindi zomwe gawo lililonse latenga, ndipo yezani chilichonse ndi kapu komanso supuni zomwe mudzaonetse. Kuthira mongoyerekeza kumatheka kwa inu amene dzanja linazolowera, koma woonera wa ku Lilongwe amene wagula mlamba wa ku Elephant Marsh koyamba akufuna muyezo. Pa mlamba umodzi wapakatikati wodulidwa zidutswa 4, mufunika tomato 3, anyezi 1, theka la kapu ya nsinjiro, makapu 2 a madzi ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere.

Kenako gawani pepala m'madanga anayi: nthawi, chomwe kamera ikuona, mawu olembedwa pa sikirini, ndi mawu olankhula. Mzere uliwonse ukhale ndi chochita chimodzi.

Masekondi 5 oyamba, 0:00 mpaka 0:05, onetsani ndiwo zakupsa, chipande chikutunga msuzi pafupi ndi kamera, dzina la ndiwo lili pamwamba. Malonje aatali asiyeni, anthu amadumpha vidiyo moni usanathe. Kuyambira 0:05 mpaka 0:17 ndi zofunika: ikani zonse m'lichero kapena pa thebulo loyera, muzijambula kuchokera pamwamba, ndipo dzina la chinthu ndi muyezo wake zizituluka dzanja likachikhudza. Musaunjike zonse zisanu ndi chimodzi pa sikirini nthawi imodzi. Ziwiriziwiri kwa masekondi 4 zimawerengeka bwino. Zilembo zikhale zoyera zokhala ndi mkombero wakuda, chifukwa zoyera zokha zimasowa pa mbale yoyera kapena pa nsinjiro. Ziikeni chapakati cham'mwamba, popeza pa TikTok ndi pa Facebook m'munsi ndi kumanja kwa sikirini kumadzaza ndi mabatani ndi dzina la mwini vidiyo.

Kuyambira 0:17 mpaka 0:27, mlamba uli m'madzi ofunda, zala zikutsuka mwaye ndi mchenga. Apa pa sikirini palembedwe kuti "Viikani mphindi 10". Lamulo ndi lomweli paliponse pomwe mwadula nthawi: nthawi yeniyeni ya pamoto ilembedwe, apo ayi woonera aganiza kuti nsomba inafewa m'masekondi 10. Kuyambira 0:27 mpaka 0:48 ndi gawo lopepuka, lidutseni msanga. Nsomba ikulowa mumphika ndi kapu imodzi ndi theka ya madzi ndi mchere, "Iwire mphindi 10", kenako tomato ndi anyezi, "Mphindi 8". Palibe amene akufuna kuona anyezi yense akudulidwa, masekondi awiri a mpeni akwanira.

Masekondi omwe mwapulumutsa muwapereke kwa nsinjiro, chifukwa apa ndi pomwe ndiwozi zimalakwika. Kuyambira 0:48 mpaka 1:02, kamera ibwere pafupi ndi kambale komwe mukusungunulira nsinjiro m'theka la kapu ya madzi ozizira lomwe linatsala. Woonera aone mibulu ikusweka ndi supuni, ndipo pomaliza mukweze supuniyo kuti aone nsinjiro ikuyenderera ngati phala lamadzimadzi. Mawu olankhula angakhale awa: "Madzi akhale ozizira. Mukathira nsinjiro youma mumsuzi wowira imaundana, ndipo mibuluyo sisungunukanso bwino." Mawuwa ndi 13, ndipo akukwana bwino m'masekondi 14. Pa sekondi imodzi musapitirire mawu awiri, poti mawu athu ndi aataliatali. Werengani mzere uliwonse mokweza wotchi ikuyenda. Ukapitirira, dulani mawu, osati kulankhula mothamanga.

Kuyambira 1:02 mpaka 1:12 thirani nsinjiro mozungulira mumphika, phulani makala ena kuti moto uchepe, ndipo onetsani manja akugwedeza mphika atagwira m'mbali ndi kansalu. Chifukwa chake chinenedwe ndi pakamwa: mthiko umaphwanya mlamba wofewa n'kumwaza minga mumsuzi, pomwe mphika wosiyidwa osagwedeza pa moto waukali umapsereza nsinjiro pansi. Pa sikirini: "Moto wochepa, mphindi 15".

Chithunzi chofunika kuposa zonse ndi cha 1:12 mpaka 1:24, chosonyeza kuti ndiwo zapsa. Mphindi 15 za pa mbaula yanu si zofanana ndi za pa chitofu cha magetsi cha mnzanu, choncho woonera akufuna chizindikiro. Muonetseni pafupi msuzi utalimba, ukuwira pang'onopang'ono, timadontho tamafuta a mtedza titayandama pamwamba, ndipo supuni ikatulutsidwa msuzi ukumatirira kumsana kwake. Fungo la mtedza wauwisi kamera singalijambule, ndiye linene pakamwa kuti liyenera kukhala litatha. Masekondi 6 otsala ndi a mbale ya ndiwo pambali pa nsima, kaya ya chimanga kaya ya mapira monga ambiri amadyera ku Nsanje ndi ku Chikwawa.

Zithunzi zapafupizi zili ndi mavuto ake. Mukaimika foni pamwamba penipeni pa mphika, nthunzi imaphimba galasi la kamera ndipo chithunzi chimachita chifunga. Ipendekeni kuchokera m'mbali, mbali yomwe mphepo ikuchokera, pa mtunda wa masentimita 25 mpaka 30, ndipo mukavundukula mphika dikirani nthunzi yoyamba ipite. Pukutani galasi ndi kansalu kofewa musanajambule gawo lililonse, chifukwa chala chamafuta chikalikhudza chithunzi chonse chimaoneka chachimbuuzi. Musakulitse chithunzi pokoka ndi zala, chimasweka, sunthani foniyo. Vuto lina ndi loti dzanja likalowa, kamera imasiya mphika n'kuyamba kutsata dzanjalo. Pa mafoni ambiri mukadina pa sikirini pamalo a mphika n'kugwiririra kwakanthawi, kamera imakhazikika pomwepo, ndipo pa iPhone pamatuluka mawu akuti AE/AF LOCK. Foni isakhale m'manja. Ngati mulibe choimikira, itsamiritseni pa njerwa kapena imangeni ndi mphira pa mpando.

Kuno ku chigwa cha Shire muwerengerenso kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu, ku Nchalo kapena ku Bangula kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo foni yomwe ikujambula pafupi ndi makala imatentha mpaka kuzimitsa kamera, nthawi zina msuzi uli pachimake. Jambulani m'mawa, pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mthunzi wothithikana, chifukwa dzuwa lodutsa m'masamba limasiya mawangamawanga pa chakudya. Chotsani chikuto cha foni, ndipo musajambule mphindi 40 zonse. Tengani tizidutswa ta masekondi 10 mpaka 20 monga ndondomeko ikunenera, pakati pake foni ipume kutali ndi moto. Kadutswa kalikonse kayambe masekondi awiri dzanja lisanalowe ndipo kathe masekondi awiri litatuluka, kuti polumikiza tizidutswati mu pulogalamu ya pafoni ngati CapCut mukhale ndi podula.

Mawu olankhula jambulani pambuyo, m'nyumba mwachete, vidiyo italumikizidwa kale, koma phokoso la mphika wowira musalichotse, ingolichepetsani. Musanatumize, perekani foni kwa munthu amene sanaphikepo ndiwozi aonere mawu atazimitsidwa, kenako akuuzeni muyezo wa nsinjiro ndi chizindikiro choti zapsa. Akaphonya chimodzi, wonjezerani masekondi pa gawo limenelo powatenga pa kudula tomato.