Kebulo ya netiweki: iti yolowa m'khoma, iti yapatebulo, komanso momwe mungazilumikizire

Anthu ambiri kuno ku Mangochi akafuna kukoka netiweki mu ofesi kapena mu loji amangoitanitsa bokosi la kebulo kuchoka ku Blantyre, kunena kuti "Cat6" basi, likafika nkumakoka paliponse, m'denga, m'khoma, mpaka pa laputopu. Komatu makebulo amenewa alipo amitundu iwiri, kunja amaoneka chimodzimodzi koma ntchito zake ndi zosiyana. Ndifotokoza potengera ntchito yomwe ndinagwira pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja mumsewu wopita ku Monkey Bay, rauta ili ku risepushoni ndipo kompyuta ya akawunti ili mu kaofesi kuseri.

Choyamba senda kebuloyo uone mkati, usakhulupirire wogulitsa. Mkati muli mawaya 8 opotana awiriawiri. Tenga kamodzi uchotse pulasitiki yake. Ukapeza waya mmodzi yekha wa kopa, wolimba, woti ukaupinda umakhala momwe waupindiramo, imeneyo ndi solidi. Ukapeza timawaya ting'onoting'ono, nthawi zambiri timakhala 7, tofewa tongobwerera tokha, imeneyo ndi sitirandedi. Pachikopa cha kunja amalembanso, yang'ana mawu oti SOLID kapena STRANDED, ndi kukula kwa waya. Cat6 ya solidi kawirikawiri imalembedwa 23AWG, Cat5e imakhala 24AWG, pomwe timakebulo tapatebulo timakhala 24AWG kapena 26AWG. Nambala ikamakwera ndiye kuti waya akuchepa, zimasokoneza poyamba koma ndi choncho.

Lamulo lake ndi ili: yolowa m'khoma kapena m'denga, yoti ikakhala yakhala, ikhale solidi. Yochoka pa soketi ya pakhoma kupita ku kompyuta, yomwe anthu azikoka, kuponda ndi mpando, kuzula ndi kubwezera, ikhale sitirandedi. Chifukwa chake solidi imanyamula siginolo mtunda wautali osafooka kwambiri, koma siyifuna kupindidwa pafupipafupi. Onani ana opanga galimoto za mawaya, akasowa pulayala amangoupinda waya uku ndi uku malo amodzi mpaka wathyoka. Kopa wa mu solidi amatero nayenso, ndipo amathyokera mkati mwa pulasitiki pomwe sungaone. Sitirandedi imapirira kupindidwa koma imataya siginolo yambiri, ya 24AWG amaiwerengera kuti imataya mopitirira solidi ndi 20 pa 100 iliyonse, ya 26AWG mpaka 50 pa 100. Nchifukwa chake muyezo umati mzere wonse usapyole mamita 100, ndipo mwa amenewo mamita 90 ndi a solidi, sitirandedi ya mbali zonse ziwiri kuphatikiza isapyole mamita 10.

Tsopano yeza njira yeniyeni yomwe kebulo idutse, osati kuyenda pansi ndi tepi kuchoka pa chitseko kufika pa chitseko china. Pa loji ija pansi panali mamita osakwana 30, koma kukwera khoma la risepushoni, kutsata mitengo ya denga, kuzemba mawaya a magetsi, nkutsikanso mbali inayo, zinafika mamita 38. Kuonjezera kebulo ya mamita 2 ku rauta ndi ina ya mamita 3 ku kompyuta, zonse 43, tili kutali ndi 100. Ngati mzere wako ukuyandikira 90 samala, chifukwa m'denga la malata kuno mwezi wa Okutobala mumatentha koopsa, ndipo kopa akatentha amataya siginolo yochuluka. Mamita 90 aja anawerengera pa kutentha kwa madigiri 20, ife denga lathu masana silidziwa nkomwe nambala imeneyo. Siya mpata.

Pogula, bokosi lathunthu limakhala mamita 305. Mtengo sinditchula, ukusintha usanatsike mu minibasi, koma ukaona bokosi lotchipa kwambiri kuposa anzake onse dziwa kuti mwina ndi CCA, aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa pamwamba. Ena amalemba zilembozo pabokosi, ena amabisa dala. Pempha kachidutswa, pala waya ndi mpeni, mkati mukatuluka moyera ngati siliva usagule. Bokosi lake limapepukanso ukalinyamula. Imeneyo imathyoka msanga kuposa solidi yeniyeni ndipo ukaikapo kamera kapena wayifayi yodyera magetsi mu kebulo momwemo, zija za PoE, imatentha ndipo magetsi amafika ochepa kumapeto. Pali ogulitsa ena amakuuza kuti "ndi yomweyo bwana, anthu onse akutenga imeneyi", musamvere.

Kukoka sindichedwapo. M'khoma lowetsa mu paipi ya kondyuti, osaikwirira mu simenti yokha, m'denga yesetsa kuiteteza chifukwa makoswe amaikonda. Osayendetsa mu paipi imodzi ndi mawaya a magetsi, pokumana nawo idutse mopingasa. Pa kona osaithyola, ikhote mozungulira, ndipo ikapanga mfundo potuluka mu bokosi imasule ndi manja, osakoka mwamphamvu. Siyako kotsala pang'ono mbali zonse.

Apa ndiye pomwe ndikufuna mumvetsere, pomalizira nsonga. Kebulo ya solidi imathera mu jeki, kaja kachikazi kolowa pa soketi ya pakhoma, osati mu pulagi. Mu jeki muli timipata tachitsulo tokhala ngati V, ukakanikiza waya ndi chida chokhomera timipeni timeneti timadula pulasitiki nkuluma kopa mbali ziwiri. Anatipangira waya mmodzi wolimba. Ukakhomeramo sitirandedi timawaya timaphwasuka, tina timaduka, lero igwira mawa yamasuka. Pulagi nayo, kaja koonekera kolowa mu kompyuta, mano ake agolide amasiyana. Uyang'ane chammbali pa kuwala. Ina dzino lililonse lili ndi nsonga ziwiri zoyang'ana molunjika, imeneyo ndi ya sitirandedi, nsongazo zimabaya kulowa pakati pa timawaya. Ina ili ndi nsonga zitatu zopatukana, zimakwera waya wolimba nkuugwira uku ndi uku, imeneyo imatha solidi. Ambiri ogulitsa sadziwa kusiyana kwake, amangotapa mu jumbo limodzi.

Pa loji paja eni ake anati za masoketi nzodula, tingomanga mapulagi kunsonga kebulo ilowe yokha mu kompyuta. Mapulagi omwe analipo anali a nsonga ziwiri. Tsiku lomanga zonse zinayenda, tesita, kachida koyesera kebulo, inayatsa magetsi onse 8 motsatana, Windows inaonetsa 1.0 Gbps. Patapita masabata angapo foni, akuti netiweki ikuchedwa ndipo nthawi zina ikumachoka akamasesa. Nditafika ndinalemba `ncpa.cpl`, kutsekula Ethernet, pa Speed palembedwa 100.0 Mbps. Pa Linux ungaone ndi lamulo ili, kusintha eth0 kukhala dzina la khadi yako ya netiweki:

```
ethtool eth0 | grep Speed
```

Nambala imeneyo imaulula zambiri. Liwiro la 100 limagwiritsa mapeya awiri okha, la olenji pa mapini 1 ndi 2 ndi la girini pa 3 ndi 6, pomwe gigabiti, liwiro la 1000 lolembedwa 1.0 Gbps lija, imafuna mapeya onse anayi. Ndiye ukaona mzere womwe unali pa 1000 watsika pa 100, kaikira peya la buluu kapena la bulauni, chifukwa akanaduka olenji kapena girini netiweki ikanangofa yonse. Kuika tesita, magetsi onse anayaka, kugwedeza kebulo pafupi ndi pulagi nambala 8 nkumathima nkumayaka. Nditadula pulagiyo ndinapeza kuti dzino silinalume waya wa bulauni pakati, linaterereka nkungoukhudza m'mbali, ndipo waya wina linaucheka theka moti unatsala pang'ono kuduka. Mayi wosesa amasuntha kompyuta m'mawa uliwonse, kebulo yolimba ija imagwedezera mphamvu yonse pa mano a pulagi pomwepo. Tesita yotchipa ija imangoona ngati magetsi akudutsa nthawi imeneyo, siikuuza kuti waya wangogwira pang'ono, choncho uziyesa uku ukugwedeza.

Kukonza kwake kunali kuchita zomwe zimafunika poyamba. Kudula nsonga zonse ziwiri, kumanga bokosi la soketi pakhoma, kukhomera solidi mu jeki. Senda chikopa cha kunja masentimita ngati atatu osacheka mawaya amkati, ngati muli kapulasitiki ka mtanda kadule, ika waya aliyense pa mtundu wake potsata chizindikiro cha B chomwe chajambulidwa pa jeki pomwepo, mbali zonse ziwiri B, osasakaniza ndi A. Usamasule kupotana kwa peya kopitirira mamilimita 13, kupotanako ndi komwe kumaletsa mawaya kusokonezana. Khoma ndi chida, mpeni wake uyang'ane kunja kuti udule chotsala. Ena amakanikiza ndi sikuludiraiva, zimatheka koma umakulitsa kampata kaja, ine ayi.

Makebulo apatebulo gula opangidwa kale a kufakitale, a mita imodzi, awiri, atatu, ali ndi mapulagi omatidwa bwino. Kudzipangira wekha kuchoka ku zotsala za bokosi ndi kubwerera ku vuto lomwe lija, chifukwa zotsalazo ndi solidi. Ngati wapeza sitirandedi ya pa mpukutu ndipo ukufuna kumanga wekha, dongosolo la B ndi loyera-olenji, olenji, loyera-girini, buluu, loyera-buluu, girini, loyera-bulauni, bulauni, kapulasitiki ka pulagi kamene umadina pozula kayang'ane pansi, chikopa cha kunja chilowe mkati mwa pulagi kuti chigwidwe. Timakebulo topyapyala kwambiri tija ta 28AWG tisiyireni mu kabati ya swichi ya netiweki, tikhale tatifupi.

Pali malo amodzi pomwe ndimalola pulagi pa solidi: kamera kapena wayifayi yomangidwa kudenga, yoti palibe aziigwira. Pamenepo gula pulagi ya nsonga zitatu yokwana 23AWG, chifukwa ya Cat5e mabowo ake amachepa, ndipo mangirira kebulo pafupi isalendewere. Ngati ituluka panja kupita ku nyumba ina, funa yolembedwa kuti ndi yapanja, dzuwa la kuno limaphwanya chikopa cha wamba, ndipo pakati pa nyumba zotalikirana nthawi ya ziphaliwali faiba ndiye yabwino, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Pomaliza lemba nambala pa soketi ndi kunsonga inayo, yesa ndi tesita uku ukugwedeza, lumikiza kompyuta uone ngati Speed ikuti 1.0 Gbps. Ikati 100 sintha kaye kebulo yapatebulo, ikapitiriza khomanso jeki, ndipo onetsetsa kuti rauta yakoyo ili ndi mapoti a gigabiti chifukwa ena otchipa amathera pa 100 pomwepo ngakhale kebulo ikhale yabwino bwanji.