Momwe mungakhalire ndi foni ya malo ochepa: memori khadi ndi kusesa kamodzi pa mwezi

Foni yanga ndi ya 16 GB. Pa malo amenewa, pafupifupi theka linatengedwa kale ndi Android pamodzi ndi mapulogalamu amene foniyo inabwera nawo, moti ine ndinatsala ndi 8 GB basi. Itayamba kulemba kuti Storage space running out, ndinathamangira kukagula memori khadi, ndikuganiza kuti vuto latha. Patangotha milungu iwiri uthenga uja unabweranso, khadi ili yopanda kanthu. Apa m'pamene ndinazindikira kuti khadi siitenga katundu yokha. Foni imapitiriza kuunjika zonse mkati mwake mpaka mwini wake ataiuza koika, ndipo zina muyenera kumazisamutsa ndi manja mwezi ndi mwezi.

Kusankha khadi ndi kuiyesa

Kwa foni yaing'ono chonchi, khadi ya 32 GB ndi yokwanira, ndiponso mafoni ena akale salandira yoposa pamenepa. Pakhadipo yang'anani nambala 10 yozunguliridwa ndi C, kapena 1 wokhala mkati mwa U. Zizindikiro zonse ziwirizi zikutanthauza kuti khadiyo imalemba 10 MB pa sekondi kapena kuposa, liwiro lokwanira kujambulira vidiyo osadukiza. Musadabwe khadi ya 32 GB ikamaonetsa 29 GB ndi pang'ono mukailowetsa; ndi mmene makhadi enieni amakhalira, chifukwa opanga ndi foni amawerenga mosiyana.

Choopsa ndi khadi yabodza. Imalembedwa kuti 64 GB kapena 128 GB, foni nayo imaonetsa nambala yomweyo, koma mkati muli malo ochepa kwambiri. Imagwira bwino mpaka malo enieniwo atadzaza, kenako mafayilo amaoneka mayina okha, mukawatsegula amakana. Choncho musanaikemo zithunzi zimene simungazipezenso, iyeseni. Ngati muli ndi kompyuta ya Windows, pulogalamu ya H2testw imadzaza khadi yonse n'kuwerenganso zimene yalemba. Ngati mulibe, koperanimo mavidiyo aakulu mpaka itatsala pang'ono kudzaza, ndiye mutsegule oyamba kulowa, apakati ndi omaliza. Zimatenga nthawi, koma zimachitika kamodzi kokha.

Funso limene foni idzakufunsani

Mukalowetsa khadi yatsopano, mafoni ambiri, kuyambira pa Android 6, amafunsa ngati mukufuna ikhale portable storage kapena internal storage. Mafoni ena, monga ambiri a Samsung, sapereka njira yachiwiriyi n'komwe.

Njira ya internal storage imakopa, chifukwa khadi imasanduka mbali ya foni ndipo mapulogalamu ena amatha kukhalamo. Koma foni imaifomata khadiyo n'kuikhoma mwakuti foni yokhayo ndiyo ingaiwerenge. Foni ikafa, zonse za pakhadi zapita nayo, ngakhale khadiyo ili bwinobwino. Khadi ikafa, mapulogalamu amene anali mmenemo amasokonekera. Komanso khadi imachedwa poyerekeza ndi malo a mkati, moti foni imene inali kale yoyenda pang'onopang'ono imatha kufika pomaima. Ine ndimasankha portable storage, ndipo ndikulangizani chimodzimodzi. Mapulogalamu akhale mkati, khadi isunge zithunzi, mavidiyo, nyimbo ndi zikalata. Mukatero, tsiku lina mungaichotse n'kuiika mu foni ina kapena pakompyuta, zonse n'kuoneka.

Mukatha apa, tsegulani kamera, mulowe mu Settings yake, mupeze pamene palembedwa Storage kapena Storage location, musankhe SD card. Kuyambira pamenepo zithunzi zatsopano zizipita pakhadi mu foda ya DCIM. Zakale zimatsala mkati. Zimenezo muzisamutse nokha ndi pulogalamu yoonera mafayilo, monga Files by Google kapena imene inabwera ndi foni. Pakhadi pangani mafoda atatu kapena anayi okhala ndi mayina amene inu mungawakumbukire, kuti zosamutsa zisamangotayidwa pamodzi.

WhatsApp ndiye mwini nkhani

Pa mafoni ambiri amene ndawaonapo atadzaza, wodya malo wamkulu ndi WhatsApp. Iyeyu alibe batani lomuuza kuti azisunga pakhadi. Chithunzi chilichonse, vidiyo iliyonse ndi uthenga wamawu uliwonse zimagwera mkati mwa foni. Ndiye choyamba n'kutseka mpopi. Lowani mu Settings, kenako Storage and data, ndipo pansi pa Media auto-download muchotse zizindikiro zonse, pa data ndi pa Wi-Fi pomwe. Mukatero, vidiyo ya pagulu imadikira kuti muidine nokha. Chinthu chimodzi chokhachi chinachepetsa kwambiri zinyalala zanga za pamwezi.

Tsiku losesa

Sankhani tsiku limodzi pa mwezi, muike chokukumbutsani. Ntchitoyi imatenga mphindi 20 kapena 30. Ndikuonetsani mmene zinayendera pa foni yanga ulendo woyamba, pamene malo otsala anali 400 MB okha. Mapulogalamu anali atatenga 4.1 GB, WhatsApp 2.6 GB, zithunzi ndi mavidiyo a kamera 900 MB.

Ndinayamba ndi za kamera. Ndinazikopera pakhadi, n'kutsegula zingapo kuchokera pakhadipo kuti nditsimikize kuti zafika zamoyo, ndiyeno ndinafufuta za mkati. Zinthu zofunika ndimazikopera kaye m'malo mozisamutsa mwachindunji, chifukwa ndikufuna kuziona ndi maso kuti zikutseguka ndisanataye zoyambirira. Apa ndinapeza 900 MB.

Kenako WhatsApp, mu Storage and data, pa Manage storage. Pamenepa amakusonkhanitsirani mafayilo oposa 5 MB ndi amene atumizidwa kambirimbiri, ndipo m'munsi amandandalika magulu ndi anthu kuyambira wodya malo kwambiri. Magulu awiri okha anali ndi mavidiyo amene sindidzawaoneranso. Ndinafufuta 1.1 GB popanda kudandaula ndi chimodzi chomwe.

Zotsala zinali zoti ndikufuna kusunga. Zimenezi zimapezeka mu foda iyi pa Android 11 ndi yatsopano:

```
Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Media
```

Pa mafoni akale foda ya Media ili mkati mwa foda ya WhatsApp imene ili pamwamba penipeni. Mkati muli WhatsApp Images, WhatsApp Video ndi ena, ndipo mu mafoda amenewa mulinso kafoda ka Sent, kosunga zimene inu munatumizira anthu. Anthu ambiri sakadziwa kafodaka chifukwa zamkati mwake sizioneka pamodzi ndi zithunzi zina. Vidiyo imene munajambula n'kutumiza imakhala kawiri, ku kamera ndi ku Sent. Ndinasamutsira pakhadi zakale zoposa miyezi iwiri, pamodzi 700 MB. Dziwani izi musanayambe: chimene mwachotsa mu foda imeneyi nthawi zambiri sichitsegukanso mukachidina pa macheza, chimangooneka chachimbuuzi. Fayilo ili bwino pakhadi, koma WhatsApp sadziwa kumene yapita. N'chifukwa chake za mwezi uno ndi watha ndimazisiya.

Pafupi ndi foda ya Media pali ina yotchedwa Databases. Mmenemo WhatsApp amasunga makope a mauthenga anu a masiku apitawa, ndipo ngati mumacheza kwambiri, kope lililonse limalemera. Amene ali ndi deti m'dzina lawo ndi akale, monga ili:

```
msgstore-2024-03-10.1.db.crypt14
```

Mungafufute amenewa n'kusiya limodzi la posachedwa. Koma msgstore.db.crypt14, lopanda deti, musalikhudze, chifukwa ndilo kope laposachedwa kwambiri. Pa foni yanga apa panatuluka 300 MB.

Chotsatira ndi zosungidwa mongoyembekezera za mapulogalamu. Facebook, TikTok, YouTube ndi Chrome amasunga tizidutswa ta zimene mwaonera kuti mawa zitseguke msanga. Lowani mu Settings ya foni, Apps, musankhe pulogalamu, kenako Storage. Mupeza mabatani awiri oyandikana, ndipo apa m'pamene anthu amapwetekera. Clear cache amachotsa tizidutswa tija basi, palibe chimene mumataya. Clear data, imene mafoni ena amailemba Clear storage, imabwezera pulogalamu mmene inalili tsiku loiika: imakutulutsani mu akaunti, ndipo pa WhatsApp mauthenga onse amachoka. Dinani yoyamba yokha. Pa mapulogalamu anayi ndinapeza 600 MB. Malo amenewa amadzazanso pakapita milungu, ndiye si zoti muzichita tsiku lililonse. Mukatero muzingotha data potsitsanso zomwezo.

Pomaliza yang'anani foda ya Download, mmene mumatsalira mafayilo a .apk a mapulogalamu amene munaika kale, ndipo mukhuthule Trash. Ambiri amadodoma apa: afufuta mavidiyo ambiri koma malo sanasinthe. Chifukwa chake n'chakuti Files by Google ndi mapulogalamu ambiri a zithunzi amasunga zofufutidwa kwa masiku 30 asanazitayiretu. Mpaka mutakhuthula, malo sabwera.

Nditamaliza, malo otsala anachoka pa 400 MB kufika pa 4 GB. Miyezi yotsatira sindinapezenso zochuluka chonchi, chifukwa mpopi uja unali wotseka ndipo kamera inali ikulemba pakhadi. Mlingo umene ndimadziikira ndi woti mkati musatsale malo ochepera 2 GB. Pulogalamu ikamalandira zatsopano kuchokera ku Play Store imafuna malo oposa kukula kwake, chifukwa imatsitsa kaye, n'kumasula, yakale ikadali pomwepo. N'chifukwa chake foni imatha kukana pulogalamu ya 80 MB pamene ikuonetsa kuti patsala 300 MB.

Mukasesa zonsezi malo n'kukhalabe ochepa, ndiye kuti mapulogalamu enieniwo achuluka, ndipo khadi singakuthandizeni pamenepo. Chotsani amene mwatha miyezi iwiri osawatsegula. Amene anabwera ndi foni ndipo sachoka, dinani Disable; kawirikawiri zimachotsa zowonjezera zimene anatsitsa. Facebook Lite ndi yaing'ono kwambiri kuposa Facebook wamba. Mapulogalamu olonjeza kuyeretsa foni ndi kuithamangitsa ine sindiwafuna: amadyanso malo omwewo, ndipo zimene amachita mwazichita kale ndi manja.

Khadi nayo imatha

Musaisolole foni ili yoyaka musanadine Eject kapena Unmount mu Settings, pa Storage, chifukwa ikhoza kukhala ikulemba. Ndipo pa tsiku losesa lomwelo, koperani zithunzi zofunika kwambiri kupita kwina, pakompyuta kapena pa intaneti, popeza khadi imatha kufa osachenjeza. Ikachenjeza, zizindikiro zake ndi izi: zithunzi zina zimatuluka theka lotuwa, khadi imasowa n'kubweranso yokha, kapena mumafufuta fayilo koma mukayatsanso foni mumaipeza ilipo. Chomalizachi chimasonyeza kuti khadi yasiya kulandira zolembedwa ndipo ikungowerengeka. Foni ikanena kuti khadi yawonongeka n'kukupemphani kuti muifomate, musavomere msanga, chifukwa kufomata kumafufuta zonse. Thimitsani foni, chotsani khadi, muiike pakompyuta, mukopere zonse zimene zikutseguka, ndipo mukatero mugule ina.