Momwe mungaunikire wantchito wa pa pulobeshoni musanamukhazikitse, kumuwonjezera nthawi kapena kumusiyitsa

Ndimayang'anira shopu ya holoselo cha ku Crown Mines kuno ku Joni, ndipo anthu ambiri amene ndawalembapo ntchito ndi akwathu. Amalawi anzanga amene akwezedwa kukhala mamanijala amandifunsa kawirikawiri kuti, "Achimwene, munthu akakhala pa pulobeshoni si ndiye kuti ndikhoza kungomuuza kuti mawa asabwere?" Ayi ndithu. Inenso ndinkaganiza choncho mpaka tsiku limene ndinakakhala pa mpando ku CCMA, bungwe loyanjanitsa ndi kuweruza milandu ya pa ntchito, thukuta lili kamukamu.

Lamulo la kuno la za ubale wa mabwana ndi antchito, LRA ya 1995, limamuona munthu wa pa pulobeshoni ngati wantchito weniweni kuyambira tsiku loyamba. Chimene limakuchepetserani inu bwana ndi ichi chokha: zifukwa zomusiyitsira ntchito chifukwa cha kagwiridwe kake siziyenera kukhala zolemera ngati za munthu amene anakhazikika kale. Koma zifukwazo zikhalepo, ndipo njira yake itsatidwe. Kukhala Mmalawi sikumuchotsera ufuluwu.

Choyamba, lembani nthawi ndi muyeso asanayambe ntchito

Pulobeshoni iyenera kukhala mu kontirakiti, nthawi yake itadziwika kale. Lamulo silinatchule miyezi, limangoti ikhale yoyenerana ndi ntchitoyo. Ife kashiya ndi wa ku sitoro timawapatsa miyezi itatu. Wowerengera ndalama angafunike isanu ndi umodzi chifukwa zolakwa zake zimaoneka mochedwa, koma kumuika wopakira katundu m'mashelefu chaka chathunthu n'kungofuna kumudyera masuku pamutu, ndipo komishinala woweruza ku CCMA amazindikira msanga.

Chenjerani ndi makontirakiti osindikiza kale amene amagulitsidwa m'mashopu a intaneti m'tauni. Ine ndinagulapo ina pa R150, ndipo munali mawu oti munthu wa pa pulobeshoni akhoza kuchotsedwa ndi notisi ya maola 24 popanda chifukwa. Mawu otere alibe mphamvu ngakhale wantchitoyo asayine kawiri.

Muyeso ukhale wowerengeka. Kunena kuti "azigwira ntchito molimbika" sikuthandiza aliyense. Kwa kashiya ife timalemba kuti potseka thilu madzulo ndalama zisasiyane ndi za pa silipi kuposa R20, ndipo masiku opitirira pamenepo asapose awiri pa mwezi. Wa ku sitoro asasayine invoisi asanawerenge katundu. Muwerengereni mu Chichewa ngati Chingerezi chimamuvuta, asayine, mumupatse pepala lake.

Chachiwiri, khalani naye pansi mwezi uliwonse

Gulani kope lachikuto cholimba, lotchipa lomwe lija la ana asukulu. Tsiku limene wayamba, lembani m'foni mwanu masiku atatu a kuunika: kutha kwa mwezi woyamba, kutha kwa wachiwiri, ndi masabata awiri pulobeshoni isanathe. Lomalizali musaliphonye. Tsiku lothera likadutsa inu muli chete, munthuyo akupitiriza kubwera, akhoza kutengedwa kuti wakhazikika basi, ndipo kubwera pambuyo pake n'kumati "ndikukuwonjezera pulobeshoni" kumakhala kutseka khola mbuzi zitatuluka.

Pa kuunika kulikonse lembani zimene akuchita bwino, pamene akuperewera ndi deti lake, thandizo limene mumupatse, ndi zimene iye wanena. Nonse musayine. Mphindi 20 zimakwana.

Chitsanzo ndi chemwali wina wa ku Ntcheu amene tinamulemba ukashiya. Mwezi woyamba anachita shoti masiku asanu ndi awiri, tsiku lina mpaka R180. Mwini shopu anayamba kale kung'ung'udza kuti mwina ali ndi dzanja lalitali. Nditaima kumbuyo kwake Loweruka lina ndinaona vuto: kasitomala akatenga belo la sopo, nthawi zina ankasikana nambala ya belo, nthawi zina ya sopo mmodzi n'kuchulukitsa pamanja, akalakwitsa n'kumakonza yekha osaitana supavaiza, ndiye za pa silipi n'kusiyana ndi zimene walandira. Chachiwiri, mzere ukatalika ankapereka chenji asanawerenge kawiri. Ndinamuika pafupi ndi mayi wina wakale pa thilu kwa sabata imodzi, tinalemba zimenezo m'kope. Mwezi wachiwiri mashoti anatsika kufika masiku anayi.

Apa ndipatukeko pang'ono. Musamangodula shoti pa malipiro a munthu. Lamulo la za malipiro, maola ndi tchuthi, BCEA ya 1997, limafuna kuti avomereze molemba, apatsidwe mpata wofotokoza, zioneke kuti kulakwa kunali kwake, ndipo zodulazo zisapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro ake. Mashopu ambiri amaphwanya zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo zimandiwawa chifukwa ozunzika ambiri ndi akwathu amene amaopa kufunsa.

Chachitatu, mumveni musanagamule

Apa ndi pamene ndinagwa, ndiye ndikhalapo pang'ono.

Kunali mnyamata wina wa ku Mangochi amene ndinamulemba ku sitoro, wolandira katundu. Anabwera kudzera mwa mkulu wina wa ku tchalitchi kwathu ku Rosettenville. Kawiri konse anasayina invoisi katundu ali wopereweza, ulendo wina makatoni anayi a mafuta ophikira. Ndinkamukalipira pakhomo la sitoro pomwepo, "Aise, uziwerenga katundu!", n'kudutsa. Sindinalembe kalikonse. Kukhala naye pansi ndinkachita manyazi chifukwa cha mkulu uja, ndinkati ndikayamba za mapepala zioneka ngati ndikumusaka mwana wakwathu.

Kutatsala tsiku limodzi kuti miyezi itatu ikwane, mwini shopu anati atsike. Ndinalemba kalata usiku, ndinasayina, m'mawa ndinamuitana mu ofesi n'kumupatsa. Anaiwerenga ataimirira, chipewa chili m'manja, anangoti, "Ndamva bwana," n'kutuluka. Ine ndinkati nkhani yatha.

Patapita masabata awiri kunabwera fomu ya LRA 7.11, yosonyeza kuti wakadandaula ku CCMA. Munthu wochotsedwa ntchito amakhala ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, ndipo salipira kalikonse. Milandu ya pulobeshoni ili ndi kakenso: kuyanjanitsa ndi kuweruza zimaikidwa tsiku limodzi, ndipo simungakane dongosolo limenelo. Mukalephera kugwirizana m'mawa, umboni umayamba pomwepo. Ine ndinapita ndi mainvoisi awiri okha m'thumba.

Komishinala anandifunsa kuti ndinamuuza liti mnyamatayo kuti ntchito yake ili pangozi. Ndinati ndinkamuuza pakamwa. Anafunsa thandizo limene ndinamupatsa. Ndinalibe yankho. Anatenga kalata ija n'kufunsa ngati ndinamupatsa mpata wolankhula ndisanailembe. Deti la pa kalatayo linali la dzulo lake la tsiku limene ndinamuitana mu ofesi, ndiye linandiyankhira lokha.

Kenako mnyamata uja analankhula, ndipo zimene ananena ndinazimva koyamba tsiku limenelo. Lolemba m'mawa magalimoto amafika awiri kapena atatu nthawi imodzi, iye ali yekha chifukwa mnzake tinamusamutsira kutsogolo. Madalaivala amamukakamiza kuti asayine msanga athamangire kwina. Anauzapo supavaiza kawiri, uthengawo sunandipeze. Zolakwa zonse ziwiri zinachitika Lolemba. Ndikanakhala naye pansi mwezi woyamba, vutoli likanatha ndi munthu mmodzi wothandiza kwa maola awiri okha pa sabata. Tinagwirizana kumulipira malipiro a miyezi iwiri. Zikanapita ku chigamulo, lamulo limalola chipukutamisozi mpaka cha miyezi 12. Ndalamazo zinapweteka shopu, koma chimene chimandivutabe mumtima n'choti ndinachotsa munthu amene akanatha kuigwira ntchitoyo, ali ndi ana awiri kumudzi.

Tsopano ndimachita chonchi. Masiku atatu kapena anayi msonkhano usanachitike ndimamupatsa kalata yonena kuti tikukaunika pulobeshoni yake, kuti n'zotheka iwonjezedwe kapena ntchito ithe, ndi mfundo zimene zikundidetsa nkhawa. Ndimalembamo kuti akhoza kubwera ndi wantchito mnzake kapena nthumwi ya yuniyoni kuti imulankhulire. Pa msonkhano ndimatsegula kope, timawerenga limodzi, kenako ndimakhala chete iye alankhule. Sindigamula tsiku lomwelo. Ndimagona nazo, ndipo zimene wanena ndimakazifufuza kwa supavaiza.

Chachinayi, chigamulo

Ndimayang'ana kumene manambala akulowera. Ngati wafika pa muyeso, mukhazikitseni ndi kalata, musamusiye akungoganizira. Ngati sanafike koma akukwera, ndipo chotsalacho n'chophunzitsika, muwonjezereni nthawi. Chemwali wa ku Ntcheu uja mwezi wachitatu anali ndi mashoti masiku atatu, muyeso uli awiri. Zisanu ndi ziwiri, zinayi, zitatu: munthu woteroyo satayidwa. Ndinamuwonjezera mwezi umodzi, kalata ikunena chifukwa chake, chimene ayenera kukwaniritsa ndi tsiku lothera. Mwezi umenewo anachita shoti kamodzi, ya R25, ndipo tinamukhazikitsa.

Kuwonjezerako kukhale kwa nthawi yogwirizana ndi chimene chikukonzedwa. Kumangowonjezera miyezi itatu, itatu inanso, kuti munthu asakhazikike, akhoza kukakusumirani ngati mchitidwe wopanda chilungamo pa ntchito, ndipo pamenepo ali ndi masiku 90 okadandaula. Muganizirenso za mbali yanu: ngati maphunziro amene munalonjeza simunapereke, kapena anadwala masabata angapo, ndiye kuti simunamuone mokwanira.

Kumusiyitsa kumabwera ngati munamuuza, munamuthandiza, nthawi inalipo, koma palibe chikusintha, ndipo zimene wanena pa msonkhano sizikufotokoza kuperewerako. Wakuba kapena womenya mnzake nkhani yake ndi ina, imeneyo imapita ku mwambo wa chilango ngati wantchito wina aliyense. Ndipo musayerekeze kubisa chifukwa china kumbuyo kwa pulobeshoni. Mayi akakuuzani kuti ndi woyembekezera inu n'kumuchotsa, chipukutamisozi chimatha kufika miyezi 24.

Zotsalazo ndi za mapepala. Kalata itchule chifukwa ndipo imuuze kuti ali ndi ufulu wopita ku CCMA, kapena ku khonsolo ya mgwirizano wa mabwana ndi mayuniyoni ngati ntchito yanu ili pansi pake. Notisi ndi ya sabata imodzi kwa amene wagwira miyezi isanu ndi umodzi kapena kuchepera, masabata awiri akapitirira pamenepo koma osakwana chaka, kapena mumulipire m'malo mwa notisiyo. Mupatseni malipiro ake onse, ndalama za masiku a tchuthi ngati wapitirira miyezi inayi, setifiketi yosonyeza kuti anagwira ntchito kwa inu, ndi fomu ya UI-19 yokapemphera ndalama ku thumba la anthu amene ntchito yawathera. Kope lija lisungeni mu ofesi, musalitaye.