Momwe mungagwiritsire ntchito en ndi -ant m'Chifalansa pofotokoza zinthu ziwiri zochitika nthawi imodzi

Tamvani ziganizo ziwiri izi za m'Chichewa: "Ndinamuona ndikutuluka m'sitolo" ndi "Ndinamuona akutuluka m'sitolo." Palibe Mchewa amene angasokonezeke nazo. M'chiganizo choyamba wotuluka ndine, m'chachiwiri wotuluka ndi mnzangayo, ndipo chimene chikutiuza ndi kamphatikira kakumayambiriro, ndi- kapena a-. M'Chifalansa mneni wothera ndi -ant alibe kamphatikira kotere, sasintha kaya wochita ndi ine, iwe kapena iwo. Ntchito yosonyeza wochitayo imagwiridwa ndi kaliwu ka malembo awiri, en. Amene wamvetsa zimenezi wagwira mutu wa nkhani yonse ya participe présent, amene ndi mneni wa -ant payekha, ndi gérondif, amene ndi mneni yemweyo ali ndi en patsogolo, ndipo ndimakhulupirira kuti ife olankhula Chichewa tili pabwino kuimvetsa msanga.

Gawo loyamba: pangani mneni wa -ant

Yambirani pa nous wa nthawi yatsopano. Chotsani -ons, m'malo mwake muikepo -ant. Nous parlons ipereka parlant, nous finissons ipereka finissant, nous prenons ipereka prenant. Amenewa ndiye participe présent.

Ophunzira ambiri amathamangira kudula mneni monga alili mu dikishonale, ndipo apa ndi pamene amagwera. Akatenga boire, kumwa, amalemba boirant kapena boiant, mawu amene kulibe. Bwererani kwa nous: nous buvons, choncho buvant. Chimodzimodzi faire, kuchita: nous faisons, faisant. Écrire, kulemba: nous écrivons, écrivant. Njira ya nous imakutetezaninso pa kalembedwe. Mu nous mangeons muli e wofewetsa g, ndipo e ameneyo amatsala mu mangeant. Mu nous commençons muli ç, amatsalanso mu commençant. Mukachotsa kamchira kapansi pa c, mawuwo amveka ngati muli k.

Aneni atatu okha ndi amene satsata lamuloli, ndipo mungowaloweza: être ipereka étant, avoir ipereka ayant, savoir ipereka sachant.

Gawo lachiwiri: funsani kuti akuchita ndani

Musanaike en paliponse, imani kaye mufunse funso limodzi. Kodi zochita ziwirizi akuchita ndi munthu mmodzi? Ngati yankho ndi inde, pitirizani. Ngati ndi ayi, gérondif sagwira ntchito pamenepo.

Titenge chitsanzo tichiyende nacho mpaka kumapeto. Mayi ali kukhitchini, akuphika, wailesi ili pawindo ikulira. Tili ndi ziganizo ziwiri: Elle prépare le repas, akukonza chakudya, ndi Elle écoute la radio, akumvera wailesi. Mwininkhani ndi mmodzi, elle. Tsopano sankhani chochita chimene chili chachikulu kwa inu. Tinene kuti ndi kuphikako. Chimenecho chisiyeni monga chilili. Chinacho chisandutseni: nous écoutons, écoutant, kenaka en patsogolo. Mwininkhani wachiwiri mumutaye chifukwa en wanyamula kale udindo wake.

Elle prépare le repas en écoutant la radio.

M'Chichewa tingati "Akukonza chakudya uku akumvera wailesi." Ameneyu ndiye gérondif: en kuphatikiza mneni wa -ant. Taonani tsopano chimene chimachitika nthawi ikasintha. Dzulo: Elle a préparé le repas en écoutant la radio. Mawa: Elle préparera le repas en écoutant la radio. Akakhala ambiri: Elles préparent le repas en écoutant la radio. Mneni wamkulu akusintha, koma en écoutant ali chiimire. Nthawi yake amabwereka kwa mneni wamkulu, ndipo salandira -e kapena -s ngakhale ochitawo akhale akazi khumi.

Pakatchulidwe, en ndi -ant amamveka chimodzimodzi, a wotulukira m'mphuno, ndipo t wakumapeto satchulidwa. Koma mneni akayamba ndi lembo la liwu, n wa en amalumikizana naye. Mu en écoutant mumva ngati pali "ne" pakati.

Gawo lachitatu: yesani ndi chiganizo cha m'sitolo chija

Apa ndi pamene ndimakhalitsa ndikamaphunzitsa, chifukwa ndi pamene pamaoneka amene wamvetsa ndi amene wangoloweza.

J'ai vu mon oncle en sortant du magasin.
J'ai vu mon oncle sortant du magasin.

Kusiyana kwake ndi en yekhayo. Choyamba chikutanthauza "Ndinawaona amalume ndikutuluka m'sitolo." Ndine ndinkatuluka, amalumewo mwina anangoima panja pafupi ndi njinga yawo. Chachiwiri chikutanthauza "Ndinawaona amalume akutuluka m'sitolo." Iwo ndiwo ankatuluka. Gérondif amamangirira chochitacho kwa mwininkhani wa chiganizo. Participe présent wopanda en amamamatira dzina limene akulifotokoza, pano mon oncle, ndipo mungathe kumusintha ndi qui: mon oncle qui sortait du magasin.

Choncho mukakayika, tembenuzirani chiganizocho m'Chichewa muone kamphatikira kamene katuluke. Kakafanana ndi ka mneni wamkulu komanso munthu akhale yemweyo, monga ndinaona ndi ndikutuluka, ikani en.

Cholakwa chimene ndimachipeza kawirikawiri m'makope ndi ichi: En rentrant de l'école, la pluie a commencé. Wolembayo amafuna kunena kuti "Pobwera kusukulu mvula inayamba." M'Chichewa chiganizochi n'chabwinobwino, popeza po- wathu safunsa kuti wobwerayo ndani. Koma m'Chifalansa cholemba, mwininkhani apa ndi la pluie, ndiye zikumveka ngati mvulayo ndi imene inkachokera kusukulu. Ochita akasiyana, gwiritsani ntchito pendant que kapena quand, aliyense akhale ndi mneni wake: Pendant que je rentrais de l'école, la pluie a commencé. Mudzakumana ndi mwambi wakale woti L'appétit vient en mangeant, chilakolako chimabwera munthu akamadya, umene ukuphwanya lamuloli. Umenewo unakhazikika kalekale, musautenge ngati chilolezo pa mayeso.

Gawo lachinayi: ikani alowam'malo ndi kukana pamalo pake

Mlowam'malo amalowa pakati pa en ndi mneni. En le voyant, pomuona. En lui parlant, polankhula naye. Aneni odzichitira okha amafuna tcheru, chifukwa mlowam'malo wawo amatsata mwininkhani ngakhale mneniyo sasintha. Je chante en me lavant, ndimaimba ndikusamba, koma Il chante en se lavant. Kulemba je chante en se lavant n'kulakwa kumene kumaonetsa kuti munthu anangokopera mneni mu dikishonale.

Kukana kumazungulira mneni monga mwa nthawi zonse: en ne disant rien, posanena kanthu. Komabe pa zochita ziwiri zanthawi imodzi, Afalansa amakonda sans ndi mneni wosasinthidwa. Il est parti sans dire au revoir, anachoka osatsanzika. Imeneyi ndi njira yachibadwa, ndipo ikufanana ndi osa- wathu.

Gawo lachisanu: werengani tanthauzo lonse

En ndi -ant sanena za nthawi yokha. Pamwamba pa kuchitikira limodzi, nthawi zina amasonyeza njira, nthawi zina chifukwa, nthawi zina "ngati". J'ai appris le français en écoutant la radio ndi njira: ndinaphunzira Chifalansa pomvera wailesi. Il s'est blessé en tombant ndi chifukwa: anavulala pogwa, kugwako ndiko kunamuvulaza. En partant à six heures, tu arriveras avant midi ndi "ngati": ukanyamuka 6 koloko ufika masana asanakwane. Kapangidwe n'kamodzi, ndipo chiganizo chonse ndi chimene chikuuzeni tanthauzo.

Mukafuna kutsindika kuti zinthuzo zikuyendadi limodzi, onjezani tout patsogolo: Elle coud tout en parlant, akusoka kwinaku akulankhula. Tout en amathanso kusonyeza kutsutsana. Tout en étant malade, il est venu au travail, ngakhale akudwala wabwera kuntchito.

Malire ake ndi awa. Chinthu chimodzi chikatheratu chinacho chisanayambe, musagwiritse ntchito gérondif. "Atadya anagona" ndi Après avoir mangé, il s'est couché. Mukalemba en mangeant mwamugoneka munthu nsima ili m'kamwa.

Msampha wa Chingerezi

Ambiri a ife tinayamba Chifalansa ku sekondale titazolowera kale Chingerezi, ndipo maganizo amathamangira kufananitsa -ant ndi -ing. Kufananitsa kumeneku kumabala zolakwa ziwiri. Choyamba ndi je suis mangeant pofuna kunena kuti "ndikudya." Chifalansa sichinena choncho. Nenani je mange, kapena je suis en train de manger mukafuna kutsindika kuti muli mkati modya. Chachiwiri ndi kuika -ant pambuyo pa aperekezi ena, monga sans parlant kapena avant de partant. Mperekezi amene amatsogolera -ant ndi en yekha. Enawo amatenga mneni wosasinthidwa: sans parler, avant de partir, pour réussir. Ndipo "ndimakonda kuwerenga" ndi j'aime lire, monga momwe ife timanenera ndi ku-.

Pamene -ant walandira -e kapena -s

Mwina mwaonapo une histoire intéressante kapena des enfants obéissants, n'kudabwa kuti nanga tati -ant sasintha. Amenewo ndi afotokozi ochokera kwa mneni, amene Afalansa amawatcha adjectif verbal. Amafotokoza khalidwe la chinthu, ndiye amagwirizana ndi dzina. Participe présent amanena chochita, nthawi zambiri amatsatiridwa ndi pamtherankhani, ndipo sasintha. Bungwe la Académie française ndi limene linakhazikitsa kusasinthaku mu 1679. Yerekezani des enfants obéissants, ana omvera, ndi des enfants obéissant à leurs parents, ana amene akumvera makolo awo.

Aneni ena amasinthanso kalembedwe akakhala afotokozi. Fatiguant ndi participe, fatigant ndi mfotokozi. Précédant ndi précédent, convainquant ndi convaincant, différant ndi différent, pa awiriawiri onsewa woyamba ndi participe, wachiwiri ndi mfotokozi. Pambuyo pa en nthawi zonse lembani wa participe uja, wochokera kwa nous: nous fatiguons, en se fatiguant, u ali momwemo.

Participe wopanda en mudzamupeza kwambiri m'zolemba, m'nyuzipepala ndi m'zidziwitso za ntchito, monga On cherche une secrétaire parlant français, akufuna mlembi wolankhula Chifalansa. Pocheza anthu amangoti qui parle français. Gérondif ndiye amamveka tsiku lililonse. Choncho poyeserera yambani ndi iyeyo. Lembani ziganizo zisanu za zimene munachita m'mawa uno, monga Je suis allé au marché en parlant au téléphone, ndipo pansi pa chilichonse mulembe Chichewa chake, muone ngati ndi- wabwera kawiri.