Cidziwitso kwa Okoka Fodya Amene Akumwa Kolozapini, Olanzapini kapena Aminofilini

Welengani pepala ili musanaleke kukoka fodya, ndipo mukawaonetse adokotala kapena amene amakupatsani mankhwala.

Ciwindi ndico cimaphwanya mankhwala kuti acoke m'thupi. Utsi wa fodya umacititsa ciwindi kupanga yoculuka enzaimu yochedwa CYP1A2, imene ndi cinthu ca m'ciwindi cophwanya mankhwala, motelo mankhwala ena amatha msanga m'magazi. Ndudu 7 mpaka 12 pa tsiku n'zokwana kucita zimenezi. N'cifukwa cake wokoka fodya kawilikawili amapatsidwa mlingo waukulu kuposa wosakoka. Izi zimakhudza kwambili kolozapini ndi olanzapini, a matenda a maganizo, komanso teofilini ndi aminofilini, a mphumu.

Cimene cimacita zimenezi ndi utsi, osati nikotini. Ngati mwasiya ndudu n'kuyamba cingamu ca nikotini, tumapepala tomata pakhungu kapena nsunko, ciwindi cimaona ngati mwalekelatu. Utsi wa camba nawonso umafulumiza ciwindi, conco musawabise adokotala.

Mukaleka, ciwindi cimayamba kubwelela m'malo mwake m'masiku ocepa cabe, ndipo pakutha mlungu umodzi kusintha kumakhala kwakukulu. Mapilisi ni omwe aja, koma mankhwala otsala m'magazi amaculuka.

Tiyelekezele munthu amene amamwa mamiligilamu 400 a kolozapini pa tsiku ndipo amakoka ndudu 15. Wagonekedwa m'cipatala, kumene kukoka n'koletsedwa, kapena waleka yekha. Patapita masiku ocepa tulo sitikumuthela, malovu akudontha ngakhale masana, akaimilila akumva cizungulile, ndipo cimbudzi sicikubwela. Acibale angaganize kuti matenda akula, pamene vuto ni mankhwala amene aculuka. Adokotala akadziwa pasadakhale, amapima mlingo wa mankhwala m'magazi ngati zipangizo zilipo, ndipo angatsitse pang'onopang'ono mpaka pafupifupi mamiligilamu 300 m'kati mwa mlungu umodzi, kenako n'kuonanso mmene zikuyendela. Manambala awa ni citsanzo cabe. Musacepetse mapilisi mwekha, cifukwa matenda angabwelele.

Kwa amene akumwa aminofilini, zizindikilo zake ni mselu, kusanza, kunjenjemela manja ndi mtima kuthamanga. Khofi nayenso amacedwa kutha m'thupi mukaleka, ndiye cepetsani makapu.

Pitani kucipatala nthawi yomweyo ngati munthu wagwa ngati wakhunyu, wasokonezeka mutu, sakudzuka bwino, mtima ukugunda mosalongosoka, kapena mimba yatupa ndipo cimbudzi catsekeka.

Kuleka fodya n'kwabwino ndipo pepala ili silikukuletsani. Tikungopempha kuti muwauze adokotala tsiku limene mufuna kuleka ndi ndudu zimene mumakoka pa tsiku. Mukayambanso kukoka, musacite manyazi kukanena: mlingo umene unatsitsidwa uja udzacepa mphamvu m'milungu yocepa, ndipo ufunika kuunikidwanso.